Uthenga wa ngozi womwe sunafike kwa munthu

Usiku wa pa 31 Januwale 2017, injiniya wina wa kampani ya GitLab ankalimbana ndi detabezi yomwe inkalemedwa ndi ntchito. Detabeziyo inali pa maseva awiri: yaikulu yomwe inkatumikira makasitomala, ndi yachiwiri yomwe inkangokopera zonse. Yachiwiriyo inali itatsalira m'mbuyo, ndiye iye anaganiza zoifufuta kuti iyambirenso kukopera. Koma lamulo lofufutalo analilemba pa seva yaikulu. Pomwe ankazindikira n'kuimitsa, pa magigabaiti pafupifupi 300 panali patatsala 4.5 okha.

Poyamba anthu mtima unali m'malo, poti kampaniyo inali ndi dongosolo lokopera detabezi yonse tsiku lililonse n'kukaisunga ku Amazon S3. Atatsegula kumeneko anapeza mulibe kanthu.

Chomwe chinkachitika ndi ichi. Kapulogalamu kokoperako, `pg_dump`, kanali ka PostgreSQL 9.2, pomwe detabezi inali pa 9.6, choncho kankalephera nthawi zonse. Kakalephera, seva inkatumiza imelo yodziwitsa mainjiniya. Imelozo sizinkakwaniritsa malamulo a DMARC, omwe amatsimikizira kuti kalata yachokeradi kwa mwini dzina, motero mbali yolandira inkazikana. Makina ankakuwa ndithu, koma mawu ake sankafika m'khutu la munthu, ndipo mainjiniya ankayesa kuti kuli zii chifukwa zonse zili bwino.

Chinawapulumutsa ndi kope lomwe linatengedwa pa zifukwa zina maola pafupifupi 6 ngoziyo isanachitike. Kubwezeretsa kunatenga maola pafupifupi 18, ndipo zomwe anthu analemba m'maola 6 aja zinapita: mapulojekiti pafupifupi 5,000, ndemanga 5,000 ndi maakaunti atsopano 700.

Gulu la anthu atatu kapena anayi lomwe likuyendetsa sitolo ya pa intaneti lilibe wogonera pa kompyuta usiku wonse. Limadalira zinthu ziwiri zomwe ambiri amazisokoneza. Logi ndi kaundula yemwe pulogalamu imalembamo zomwe ikuchita, ndipo munthu amamuwerenga akafuna kudziwa chomwe chachitika. Alamu ndi uthenga womwe umamutsata munthu komwe ali kuti adziwe kuti chinachake chachitika. Logi payokha sidzutsa munthu, ndipo alamu yopanda logi imadzutsa munthu n'kumusiya akupapasa mumdima.

Logi yabwino imayankha mafunso anayi pa mzere umodzi: liti, vuto lalikulu bwanji, pa pempho liti, ndipo chalephera n'chiyani.

```
2025-03-14T18:42:07Z ERROR request_id=7f3a order=5521 payment timeout 30s
```

Chilembo `Z` chikusonyeza nthawi ya UTC, yomwe imathandiza kuti maseva onse aziwerenga wotchi imodzi. Mawu oti `ERROR` akusiyanitsa mzerewu ndi ya `INFO`, yongonena zatsiku ndi tsiku, komanso ya `WARNING`, yochenjeza za chinthu chomwe sichinaonongeke. Nambala ya `request_id` imalembedwa pa mzere uliwonse wokhudza pempho limenelo, kotero injiniya akaifufuza amaona ulendo wonse wa kasitomala, kuyambira pomwe anadina mpaka pomwe malipiro anakanika atadikira masekondi 30. Mawu achinsinsi ndi manambala a makhadi a kubanki salowa mu logi, chifukwa anthu oiwerenga ndi ambiri. Ndipo malogi amatumizidwa kumalo ena kunja kwa sevayo, poti seva ikafa kapena disiki ikadzadza, kaundula wosungidwa momwemo sapezeka pa nthawi yomwe akufunika kwambiri.

Pamwamba pa logi, magulu ambiri amaika chida chosonkhanitsa zolakwika, monga Sentry. Pulogalamu ikagwa, chidachi chimalemba mzere wa khodi womwe wagwetsa, n'kuphatikiza zolakwika zofanana kukhala nkhani imodzi. Vuto likachitika ka 2,000, gulu limalandira uthenga umodzi wonena kuti lachitika ka 2,000.

Koma njira zonsezi zili ndi malire amodzi: zimalankhula pokhapokha pulogalamu ikadali ndi mphamvu yolankhulira, komanso njira ya uthenga ikadali yotseguka. Apa ndi pomwe GitLab inagwera. Mankhwala ake ndi kutembenuza funso. M'malo modikira uthenga wonena kuti ntchito yalephera, gulu limadikira wonena kuti yatheka, ndipo ukapanda kubwera alamu imalira. Zili ngati mlonda yemwe amaimba wezulo ola lililonse: ola likadutsa wezulo osamveka, eni nyumba amadzuka. Chida ngati Healthchecks.io chimagwira ntchito imeneyi ndi mzere umodzi wa `cron`:

```
0 2 * * * /opt/backup.sh && curl -fsS https://hc-ping.com/UUID
```

Tsiku lililonse 2 koloko usiku seva imakopera detabezi. Zizindikiro za `&&` zikutanthauza kuti uthenga wa `curl` upite pokhapokha kukoperako kwatheka. Kukalephera, kaya seva yazima, kaya `cron` sinadzuke n'komwe, ku Healthchecks.io sikufika kanthu, ndipo nthawi yodikira ikatha iyo imatumiza alamu. Chofunika n'chakuti `backup.sh` izinena zoona. Iyenera kuona kukula kwa fayilo yomwe yapanga n'kudzitcha yolephera ngati fayiloyo ndi yopanda kanthu, apo ayi idzalengeza kupambana pa thumba lopanda ufa. Chimodzimodzinso tsamba lenileni: chida chakunja ngati UptimeRobot chimalitsegula pakapita mphindi zingapo zilizonse, monga angachitire kasitomala, n'kudziwitsa gulu likakana kutseguka.

Funso lomaliza ndi loti uthenga upite kwa yani. Pa 1 Ogasiti 2012, kampani yogula ndi kugulitsa masheya ya Knight Capital ku America inataya madola oposa 460 miliyoni m'mphindi pafupifupi 45, chifukwa seva imodzi mwa zisanu ndi zitatu inatsala ndi khodi yakale. Bungwe la SEC litafufuza linapeza kuti msika usanatsegulidwe m'mawa umenewo, makina a kampaniyo anatumiza maimelo 97 otchula vutolo. Maimelowo anafika, koma sanakonzedwe ngati alamu, ndipo ogwira ntchito sanachitepo kanthu.

Choncho gulu laling'ono limagawa mauthenga pawiri. Omwe akukhudza makasitomala panopa, monga tsamba kuzima kapena malipiro kukanika, amaliza foni ya munthu mmodzi wodziwika yemwe ali pa ntchito sabata imeneyo, ndipo iye akapanda kuyankha m'mphindi 10 kapena 15 amapita kwa mnzake. Ena onse, monga disiki yomwe yafika pa 80 peresenti, amadikira m'mawa pa tsamba lomwe gulu limakambirana za ntchito. Malire amafunika kuwaganizira. Lamulo loti foni ilire mapempho 5 pa 100 alionse akalephera kwa mphindi zisanu limagwira bwino masana. Usiku, pomwe mapempho ali 10 okha, limodzi likalephera ndiye kuti afika 10 pa 100, ndipo munthu amadzuka pachabe. N'chifukwa chake amaonjezera kuti olepherawo akhalenso osachepera 20. Alamu yolira pachabe kawirikawiri amaikonza kapena kuichotsa, anthu asanazolowere kuinyalanyaza.

Kamodzi pamwezi, mmodzi wa gululo amagwetsa dala kanthu kakang'ono, kapena kuimitsa ntchito yokopera kwa usiku umodzi, n'kuona ngati foni ya mnzake yalira komanso patapita mphindi zingati. GitLab nayo, m'lipoti lomwe inatulutsa poyera ngoziyo itatha, inalonjeza kuti makope a detabezi aziyang'aniridwa ndi Prometheus, kubwezeretsa kwake kuziyesedwa kawirikawiri, ndipo pakhale munthu wodziwika yemwe udindo wosamala deta uli m'manja mwake.