Kusandutsa siivi yofunsira ntchito kukhala siivi ya kuyunivesite

Munthu amene wagwira ntchito kukampani, m'boma kapena m'bungwe loima palokha amazolowera siivi ya masamba awiri. Pamwamba pamakhala ndime yonena kuti iye ndi wakhama, kenako ntchito zomwe wagwira, ndipo maphunziro amabwera kumapeto. Bwana wolemba ntchito amafuna kudziwa msanga ngati munthuyo angathe ntchito, choncho siivi yoteroyo imamukwanira. Koma ikafika ku yunivesite ya Malawi, ku LUANAR, ku MUBAS, ku KUHeS, ku MUST kapena ku Mzuni pofunsira ulekichala, imagwera m'manja mwa anthu owerenga mwanjira ina, ndipo nthawi zambiri imabisa zinthu zomwe iwo akufuna kuona.

Chimachitika n'chiyani kalata yanu ikafika? Kawirikawiri imalandiridwa ku ofesi ya rejisitala, kenako imapita kukomiti yosankha anthu oti aitanidwe kumafunso. M'komitimo mumakhala aphunzitsi a dipatimenti yomwe ikufuna munthu, ndipo amakhala ndi chidziwitso cha ntchitoyo patsogolo pawo. Amafunsa mafunso owerengeka: ali ndi digiri yomwe tapempha? Wasindikiza mapepala angati a kafukufuku, ndipo m'majenolo ati? Anaphunzitsapo makosi ati? Anapezapo ndalama za kafukufuku? Mafunso omwewa amabweranso pokweza munthu kuchoka pa ulekichala kupita pa ulekichala wamkulu, mpaka pa upulofesa. Motero siivi ya kuyunivesite ndi kaundula. Ntchito yake ndi kuika chilichonse pamalo pake, ndi dzina lake lenileni, kuti wina athe kuchiwerenga ndi kuchitsimikiza. Ilibe malire a masamba awiri, chifukwa imakula pamodzi ndi ntchito ya mwini wake.

Tiyerekeze mayi wina amene anatenga digiri yoyamba ku Bunda mu 2010 ndi masitazi a zaulimi ku LUANAR mu 2018. Wakhala akuyendetsa mapulojekiti a ulimi wamthirira m'bungwe lina, ndipo madzulo amaphunzitsako pakoleji ina. Tsopano akufunsira ulekichala.

Choyamba kuchotsa ndi ndime yodzitamanda ija, pamodzi ndi mndandanda wa maluso monga kugwirizana ndi anthu. Pamwamba patsale dzina, njira zomupezera, ndi nambala ya `ORCID` ngati ali nayo. Iyi ndi nambala ya malo 16, yopezeka mwaulere, yomwe imasiyanitsa ofufuza a mayina ofanana, ndipo m'dziko lodzaza a Banda ndi a Phiri imathandiza kwambiri.

Maphunziro amakwera kuchoka kumapeto kubwera pamwamba, kuyambira digiri yaposachedwa. Pa masitazi alembe mutu wa kafukufuku wake ndi dzina la amene anamuyang'anira, chifukwa komiti imaona pamenepo ngati ukatswiri wake ukugwirizana ndi dipatimenti. Dzina la sukulu alilembe momwe lilili pa setifiketi. Mu 2010 Bunda inali koleji ya yunivesite ya Malawi, ndipo LUANAR inali isanayambe, choncho digiri yoyambayo ndi ya yunivesite ya Malawi. Chimodzimodzi amene anamaliza ku Polytechnic kapena ku College of Medicine yunivesiteyo isanagawidwe mu 2021. Kulemba dzina latsopano pa digiri yakale kumapangitsa siivi ndi setifiketi kunena zosiyana. Amene digiri yake anaitenga kunja afunse ku NCHE, bungwe loyang'anira maphunziro apamwamba, za kalata yotsimikiza mulingo wa digiriyo.

Gawo lomwe limafuna nthawi yambiri ndi la zosindikizidwa. Pa siivi yakale ya mayiyu panali mzere umodzi wonena kuti walemba mapepala asanu ndi atatu. Akawayala patebulo, akupeza kuti si amtundu umodzi. Awiri anatuluka m'majenolo omwe akatswiri ena amayamba aunika pepala lisanavomerezedwe. Limodzi analitumiza kujenolo ndipo yankho silinabwere. Limodzi ndi chikalata chomwe anapachika pamsonkhano wa ofufuza. Anayi ndi malipoti opita kwa opereka thandizo. Akawaika pamndandanda umodzi, zili ngati kusakaniza mtedza wosankha ndi wamphwephwa m'thumba limodzi: wogula akaona wamphwephwa amatsitsa mtengo wa thumba lonse. Awagawe pansi pa timitu, ndipo popeza siivi imalembedwa m'Chingerezi, timituto tingaoneke motere:

```
PUBLICATIONS
Peer-reviewed journal articles
Book chapters
Manuscripts under review
Conference presentations
Technical reports
```

Kamutu kopanda kanthu, monga ka machaputala a m'mabuku kwa mayiyu, akachotse. Pansi pa kamutu kalikonse ayambe ndi chaposachedwa, ndipo pepala lililonse lilembedwe mokwanira, m'kalembedwe kamodzi kuyambira pamwamba mpaka pansi:

```
Dzina, A., & Dzina, B. (2021). Mutu wa pepala.
Dzina la jenolo, 12(3), 45-58. https://doi.org/10.xxxx/xxxx
```

Mayina a olemba akhale mundondomeko yomwe ali papepala lenilenilo. Ngati mayiyu anali wachitatu, akhale wachitatu, ndipo dzina lake angolilemba ndi zilembo zakuda kwambiri kuti lioneke. M'maphunziro ambiri a sayansi malo a dzina amasonyeza kukula kwa gawo lomwe munthu anachita, ndipo aliyense wotsegula `DOI` amaona pompopompo ngati mayina asunthidwa.

Mawu onena pomwe pepala lafika ali ndi matanthauzo okhazikika. `In press` kapena `accepted` ndi pepala lomwe mkonzi wavomereza, ndipo kalata yake ilipo. `Under review` ndi lomwe lili m'manja mwa ounika, ndipo likhoza kukanidwa. `In preparation` ndi lomwe likadali pakompyuta ya mwini wake. Pepala lachitatu la mayiyu lili pa `under review`, choncho silingakhale limodzi ndi awiri aja. Siivi yomwe ili ndi mapepala asanu ndi limodzi omwe akukonzedwabe ndi limodzi lokha lotuluka imauza komiti kuti munthuyu amayamba zambiri osamaliza.

Palinso vuto la majenolo achinyengo, omwe amalandira ndalama n'kusindikiza chilichonse popanda kuunika. Zizindikiro zake ndi izi: amakutumizirani imelo yokupemphani pepala pa nkhani yomwe si yanu, amavomereza pakangopita masiku ochepa popanda ndemanga za ounika, ndipo jenolo imodzi imasindikiza zaulimi, zamalamulo ndi zamano pamodzi. Kulipira pakokha si umboni wa chinyengo, poti majenolo ambiri abwino owerengedwa mwaulere amalipiritsa olemba. Fufuzani ngati jenoloyo ili pa `Scopus`, `Web of Science`, `DOAJ` kapena `African Journals Online`. Ofunsira ku South Africa adziwe kuti kumeneko unduna wa maphunziro apamwamba uli ndi mndandanda wa majenolo ovomerezeka. Pepala lomwe linagwera mujenolo yachinyengo silioneka ngati phindu pamaso pa komiti, ndipo likhoza kudetsa ena abwino.

Pa zophunzitsa, siivi yakale inangoti anaphunzitsapo pakoleji. Komiti ikufuna kudziwa kosi iti, ya chaka chiti, kwa ophunzira angati, ndipo iye anali ndani m'kosimo. Kupanga kosi n'kuiphunzitsa yekha n'kosiyana ndi kuthandiza mphunzitsi wina kuchonga mayeso. Mzere wake ungakhale wotere:

```
Part-time Lecturer, Irrigation Agronomy (Year 3),
60 students, 2022-2024
```

Ophunzira amene anawayang'anira pa kafukufuku apite pakamutu kawokawo, ogawidwa monga mwa mulingo: a digiri yoyamba, a masitazi, a udokotala. Asonyeze amene anamaliza ndi amene akupitiriza, komanso ngati iye anali woyang'anira wamkulu kapena wothandizira. Maphunziro omwe ankapereka kwa alangizi a zaulimi m'bungwe muja asatayidwe. Alembedwe padera monga maphunziro a ogwira ntchito, osawasakaniza ndi makosi a yunivesite.

Pa ndalama za kafukufuku ndi pomwe anthu ochokera m'mabungwe amapunthwa. Mayiyu analemba kuti anayendetsa pulojekiti ya K400 miliyoni, ndipo n'zoona. Koma ndalamazo anazipempha ndi bungwe, iye anangolembedwa ntchito yoziyendetsa. Mzere umenewo malo ake ndi pansi pa ntchito zomwe wagwira. Pansi pa `Grants` pamalowa ndalama zomwe dzina lake linali pa pempho. Tinene kuti anapezapo K6 miliyoni yofufuzira mchere wa m'dothi la minda yothiriridwa. Ndalamayi ndi yochepa poyerekeza ndi inayo, koma ndi imene ikusonyeza kuti akhoza kulemba pempho n'kupambana. Alembe wopereka, mutu, zaka, kuchuluka kwake mu ndalama yomwe inaperekedwa, ndi udindo wake: `PI` ngati anali mtsogoleri, `Co-I` ngati anali mnzake wa mtsogoleri. Ngati inaperekedwa m'madola, ailembe m'madola, chifukwa kwacha inagwa kwambiri mu 2022 ndi mu 2023, ndipo kusintha ndi mtengo wa lero kumapereka chithunzi cholakwika. Mapempho omwe akudikira yankho akhale pakamutu kena.

Gawo la `Service` limanena za ntchito zomwe munthu amagwirira dipatimenti, akatswiri anzake ndi anthu wamba: kukhala m'komiti, kuunika mapepala a jenolo, kukonza msonkhano, kulangiza boma kapena alimi. Mayiyu anaunikirako jenolo ina kawiri. Alembe dzina la jenolo ndi zaka, koma asatchule mapepala omwe anaunika, chifukwa zimenezo n'zachinsinsi. Mpando wake m'komiti ya madzi ya kudera kwawo ukugwirizana ndi ukatswiri wake, ndiye ulowe. Usungichuma wa kwaya ungatsale.

Nanga magawowa atsatane bwanji? Maphunziro ndi maudindo amatsogola nthawi zonse. Zotsatira zimadalira mpando womwe ukufunsiridwa. Ngati chidziwitso chikutsindika kafukufuku, zosindikizidwa zibwere poyamba, kenako ndalama za kafukufuku, zophunzitsa, ndipo `Service` pambuyo. Ngati mpandowo ndi wophunzitsa makamaka, zophunzitsa zikwere pamwamba pa zosindikizidwa. Mayiyu ali ndi mapepala awiri okha koma zaka zingapo m'kalasi, choncho pa mpando wophunzitsa kutsogoza makosi kungamuthandize. Ngati yunivesite kapena wopereka ndalama ali ndi fomu yakeyake ya siivi, fomuyo ndiyo lamulo, ngakhale ndondomeko yake isakusangalatseni.

Kumapeto kumabwera anthu okuchitirani umboni, omwe kawirikawiri amafunika atatu. Pa siivi yakale mayiyu anaika mabwana ake. Tsopano pakufunika anthu odziwa kafukufuku ndi kaphunzitsidwe kake, monga amene anamuyang'anira pa masitazi ndi mkulu wa dipatimenti yomwe amaphunzitsako, ndipo ayambe wawapempha asanawalembe.

Asanatumize, adutse mzere uliwonse ndi funso limodzi: komiti itandipempha umboni wa ichi mawa, ndingautulutse? Pa pepala lovomerezedwa pakhale kalata ya mkonzi, pa kosi pakhale kalata yomulemba ntchito, pa ndalama pakhale kalata ya wopereka. Mzere wopanda umboni ausunthire pakamutu koyenera kapena auchotse. Kenako aike manambala a masamba ndi tsiku lomwe wakonza siiviyo, aisunge ngati `PDF`, ndipo azionjezera chilichonse chatsopano mwezi womwe chachitika, zaka ndi manambala zisanaiwalike.