Makadi atatu a taroti pa chibwenzi chomwe chazilala

Chibwenzi chikafika poti sichikutha komanso sichikupita patsogolo, anthu ambiri ku Ulaya ndi ku Amereka amatulutsa makadi a taroti. Makadiwa alipo 78. Anayamba ngati masewera ku Italiya m'zaka za m'ma 1400, ndipo zoombezera zinadza mochedwa, ku Faransa, chakumapeto kwa zaka za m'ma 1700. Otchuka kwambiri lero ndi omwe anajambula Pamela Colman Smith, amene anatuluka ku London mu 1909.

Kayalidwe ka makadi atatu n'kosavuta. Wofunsa amasakaniza makadi uku funso lili mumtima, n'kusolola atatu, n'kuwayala chafufumimba kuyambira kumanzere. Loyamba likuimira zakale, lapakati zalero, lakumanja zam'tsogolo. Odziwa amati funso lisakhale lakuti "kodi andikwatira?" koma lakuti "chatiimitsa n'chiyani?", chifukwa zithunzi siziyankha kuti inde kapena ayi.

Tiyerekeze mayi amene bwenzi lake lakhala chaka likuzengereza kukaonekera kwa makolo. Povundukula loyamba apeza khadi la zikho ziwiri, pomwe mwamuna ndi mkazi akupatsana zikho. Womasulira anena kuti poyamba onse awiri ankafunana mofanana. Lapakati ndi la zikho zinayi: mnyamata wakhala pansi pa mtengo atapinda manja, zikho zitatu zili patsogolo pake, dzanja lochokera mumtambo likumupatsa chachinayi, iye osacheuka n'komwe. Apa m'pamene pagona nkhani, ndipo womasulira wabwino amachedwapo. Wapinda manjayo ndani? Mayiyo athamangira kunena kuti ndi bamboyo, koma khadi silinatchule dzina. Mwina ndi iye mwini amene anasiya kulandira zing'onozing'ono poyembekezera chinkhoswe.

Lachitatu likhale la zikho zisanu ndi zitatu, la munthu wogwira ndodo amene wafulatira zikho zake usiku, kulunjika kumapiri. Ambiri amafooka akaliona, poganiza kuti mlandu wagamulidwa. Koma omasulira amati khadi lakumanja limangosonyeza komwe njira ikulowera ngati zalero zikhala momwemo. Choncho amaliwerenga pamodzi ndi lapakati: manja akapitiriza kupindika, wina adzatopa n'kunyamuka.

Cholakwika chofala ndi kubwereza. Munthu sanakondwe ndi khadi lachitatu, asakanizanso, ayalenso, mpaka litatuluka lomusangalatsa. Akatero ndiye kuti yankho anali nalo kale, akungofuna mboni.

Kunena mosabisa, palibe umboni woti makadi amadziwa zam'tsogolo, ndipo mipingo yambiri imaletsa kuombeza. Khadi limagwera pamalo pake mwamwayi chabe, ndipo zithunzizo n'zotambasuka moti aliyense wa chibwenzi chozilala angadzionemo. Chomwe ndimaona chaphindu ndi mafunso atatu aja, amene amakakamiza munthu kusiyanitsa zomwe akukumbukira ndi zomwe zikuchitika lero. Koma chomwe chikumuzengeretsa bambo uja mayiyo achimva pokhapokha atamukhazika pansi n'kumufunsa.