Mafayilo a bizinesi agone kuti: pa kilaudi kapena pa dilaivu yachiwiri?

Mvula ya namondwe Freddy itagumula phiri la Soche m'mwezi wa Malichi 2023, matope anatsikira ku Chilobwe osasankha chokokolola. Amene anali ndi kompyuta pa tebulo, hadi dilaivu yosungira zinthu ili m'dirowa ya tebulo lomwelo, akanataya zonse ziwiri pa mphindi imodzi. Moto ndi mbava nazo zimachita chimodzimodzi. N'chifukwa chake akatswiri amati bakapu, kutanthauza kope la mafayilo losungidwa padera, izikhala kutali ndi shopu. Wojambula zithunzi wa ku America, Peter Krogh, ndiye anatchukitsa lamulo la 3-2-1: makope atatu, pa zipangizo za mitundu iwiri, limodzi likhale kwina.

Nanga kwinako n'kuti? Ena amatumiza mafayilo kudzera pa intaneti ku makompyuta akuluakulu a makampani ngati Google kapena Microsoft, komwe anthu amati pa kilaudi. Ena amakopera pa dilaivu yonyamula m'manja n'kupita nayo kunyumba. Kumene netiweki ndi yaulesi, nkhaniyi imathetsedwa ndi masamu.

Tiyerekeze situdiyo yojambula maukwati ndi zinkhoswe pa msika wina wa m'tauni. Mu kompyuta muli zithunzi ndi mavidiyo okwana 200 GB. Mwini wake amadalira bandulo ya pa foni, ndipo akayeza pa fast.com kapena speedtest.net amaona manambala awiri. Ambiri amakondwa ndi nambala ya "download", liwiro lolandirira zinthu. Pa bakapu yofunika ndi inayo, ya "upload", liwiro lotumizira, yomwe nthawi zambiri imakhala yaing'ono. Tinene kuti yake ndi 1 Mbps.

Pa liwiro limeneli, ola lathunthu limatumiza pafupifupi 450 MB. Kuti 200 GB yonse ifike pa kilaudi pafunika maola oposa 440, omwe ndi masiku 18 ndi theka kompyuta ikuyaka usana ndi usiku, magetsi osathima, netiweki osaduka. Ngati imayaka maola 8 okha a ntchito, ndiye kuti masiku 55. Bandulo nayo idyeka 200 GB yathunthu.

Wina anganene kuti vuto ndi ulendo woyamba wokha, chifukwa pambuyo pake pulogalamu imangotumiza zatsopano. N'zoona, koma taonani zatsopano za situdiyoyi. Ukwati umodzi wa Loweruka ukabweretsa 30 GB, kuutumiza kufuna maola pafupifupi 67, kuposa masiku 8 a ntchito. Usanathe kukwera, ukwati wina wafika kale. Mzere umangotalika, ndipo mwini wake amagona mtima uli m'malo poganiza kuti zonse zili pa kilaudi, chikhalirecho zithunzi za sabata ino, zomwe mkwatibwi sanazionebe, zikadali pa kompyuta yokha. Chizindikiro chake sichibisika: pulogalamu ikamangosonyeza kuti kwatsala mafayilo mazanamazana, nambalayo osafika pa ziro, bakapuyo sinakwane.

Tsiku la tsoka nalo lili ndi masamu ake. Kompyuta ikabedwa, kutsitsa 200 GB pa liwiro la 5 Mbps kumatenga maola pafupifupi 89, makasitomala akudikira pakhomo. Dilaivu yolumikiza pa USB 3.0, yomwe imayenda pafupifupi 100 MB pa sekondi, imabweza zomwezo pasanathe ola limodzi. Ilibenso malipiro a mwezi ndi mwezi, pomwe malo okulirapo pa kilaudi amalipiridwa ndi khadi la kubanki m'ndalama zakunja, zomwe ku Malawi kuno zakhala zikusowa.

Komabe dilaivu ili ndi matenda ake, ndipo aakulu ndi munthu. Sabata yoyamba amakopera mokhulupirika. Yachitatu kwagwa maliro, yachinayi ntchito yachuluka, kenako dilaivu ija yangokhala yolumikizidwa kumbuyo kwa kompyuta miyezi. Ikatero yasiya kukhala chitetezo. Mphezi ikalowera m'mawaya ingaphe zonse ziwiri, ndipo vairasi yotseka mafayilo n'kufuna dipo, ngati WannaCry yomwe inasautsa mayiko ambiri mu 2017, imatseka ndi zomwe zili pa dilaivu yolumikizidwa.

Mankhwala ake ndi kukhala ndi madilaivu awiri osinthana, olembedwa A ndi B ndi cholembera chosafufutika. Lachisanu madzulo A imalandira mafayilo a sabata yonse, imachotsedwa bwinobwino podina "Eject", n'kupita kunyumba. Lolemba B imachoka kunyumba kubwera ku shopu kudzadikira Lachisanu lake. Chofunika n'chakuti nthawi ina iliyonse imodzi ikhale kutali, ndipo kutaliko kusakhale nyumba yogundana ndi shopu kapena ya m'chigwa chomwecho. M'kati mwa hadi dilaivu muli timbale tozungulira, choncho kuigwetsa kamodzi kungaiphe. Iziyenda m'kachikwama kofewa, makamaka pa kabaza. Ikayamba kulira kuti tiki-tiki, kapena kuchedwa kutseguka, nthawi yogula ina yakwana. Poti ingatayike m'minibasi, ndi bwino kuitseka ndi pasiwedi pogwiritsa ntchito BitLocker, yomwe ili mu Windows Pro, kapena VeraCrypt yomwe ndi yaulere. Pasiwediyo ilembedwe papepala losungidwa mosamala, chifukwa ikaiwalika palibe mmisiri angatsegule.

Ngakhale zonsezi zitatsatidwa, mpata ulipobe. Mbava zikathyola Lachinayi usiku, ntchito ya kuyambira Loweruka yapita. Kwa zithunzi, wojambula wanzeru safufuta memole khadi ya kamera mpaka ukwatiwo utafika pa dilaivu yomwe ili kunyumba. Koma buku la ngongole, mainivoisi, malipiro a antchito ndi mapepala a msonkho wa ku MRA zimasintha tsiku lililonse, ndipo kutaya za masiku asanu kungayambitse mkangano ndi kasitomala aliyense amene analipira.

Apa m'pamene kilaudi imapambana, ngakhale netiweki ikhale yokwawa. Mafayilo amenewa ndi opepuka. Foda ya 500 MB imakwera mu ola limodzi ndi mphindi zochepa pa 1 Mbps yomwe ija, ndipo zosintha za tsiku, tinene 20 MB, sizifika mphindi zitatu. Google Drive imapereka 15 GB mwaulere, OneDrive 5 GB, malo okwanira zaka zambiri za mapepala otere. Kwa situdiyoyi, kugawa katundu motere ndiko kwanzeru: zolemera pa madilaivu awiri, zopepuka zandalama pa kilaudi ndi pa madilaivuwo pomwe.

Pali msampha umodzi woyenera kuudziwa. Mapulogalamu amenewa amafananiza foda ya pa kompyuta ndi ya pa kilaudi, moti wantchito akafufuta fayilo molakwitsa, imafufutikanso kumeneko. Google Drive imaisunga mu "Trash" masiku 30 okha. Vutolo likadziwika patapita miyezi iwiri, chopulumutsa ndi dilaivu, bola ngati pokopera sankafufuta zakale. Njira yosavuta ndi kukopera mabuku a ndalama mu foda yatsopano sabata iliyonse, yotchulidwa ndi deti, monga 2024-06-14.

Kamodzi pa mwezi, mwini situdiyo atenge dilaivu yakunyumba, ailumikize pa kompyuta ina, atsegule vidiyo ya ukwati wakale ndi inivoisi ya sabata yatha. Alowenso pa kilaudi kudzera pa foni n'kuona deti la fayilo yomaliza kufika. Likakhala la mwezi watha, nthawi zambiri ndiye kuti bandulo inatha kapena pulogalamu inatuluka mu akaunti, ndipo palibe amene anazindikira.