Kukonza zithunzi za ukwati kuti zioneke mofanana pogwiritsa ntchito puliseti

Puliseti ndi mndandanda wa manambala osungidwa m'pulogalamu yokonzera zithunzi, omwe amauza pulogalamuyo mmene isinthire kuwala ndi mitundu ya chithunzi. Wojambula akakonza chithunzi chimodzi mpaka kukhutira nacho, amasunga zonse zimene wasinthazo pansi pa dzina limodzi, kenako n'kuziika pa zithunzi zina mazanamazana popanda kuyambiranso. M'pulogalamu ya Adobe Lightroom Classic, yomwe ojambula ambiri a maukwati amagwiritsa ntchito pakompyuta, puliseti imasungidwa ngati kafayilo kakang'ono ka mtundu wa .xmp. Chithunzi choyambirira sichikhudzidwa, moti batani la Reset limachibwezera mmene chinatulukira m'kamera.

Chofunika kumvetsa poyamba n'chakuti puliseti wamba siyang'ana chithunzi. Imangoika manambala omwewo paliponse, kaya chithunzicho n'chowala kapena n'chamdima. Pa tsiku la ukwati kuwala kumasintha kangapo: m'tchalitchi m'mawa mumakhala modera, panja masana dzuwa limakhala lili pamutu, ndipo muholo madzulo mumayaka mababu. Puliseti yokonzedwa pa chithunzi cha m'tchalitchi, yokhala ndi Exposure ya +1.00, imawirikiza kawiri kuwala kwa chithunzi chilichonse. Ikaikidwa pa zithunzi za panja, diresi la mkwatibwi limangokhala mbee, maluwa ake ndi zosokedwapo osaonekanso.

N'chifukwa chake ntchitoyi imagawidwa pawiri. Pali zinthu zimene zimapereka maonekedwe ofanana ku zithunzi zonse, monga Contrast, Highlights, Shadows ndi Vibrance, ndipo izi ndizo zimalowa m'puliseti. Pali zinanso ziwiri zimene zimadalira malo amene chithunzi chinajambulidwira: Exposure, yomwe ndi kuchuluka kwa kuwala, ndi White Balance, yomwe imaonetsetsa kuti choyera chioneke choyeradi. Ziwirizi zimasiyidwa kunja kwa puliseti ndipo zimakonzedwa pazokha.

Mwachitsanzo, wojambula wabwera kuchokera ku ukwati ndi zithunzi 300 zosankhidwa kale: 80 za m'tchalitchi, 100 za panja pamene akwati ankajambulitsa ndi achibale, ndi 120 za nthawi ya perekaniperekani muholo. Choyamba amasankha chithunzi chimodzi choti chikhale muyezo. Chithunzi choyenera ndi chimene chili ndi nkhope zooneka bwino, diresi loyera ndi suti yakuda, chojambulidwa pamthunzi panja, chifukwa chili ndi zonse zimene zimavuta kukonza. Chithunzi cha keke kapena cha mphete zokha sichithandiza, popeza sichisonyeza mmene khungu la anthu lidzaonekere.

Pa chithunzicho, m'gawo la Develop, amayamba wakonza Exposure ndi White Balance, kenako n'kupanga maonekedwe amene akufuna. Poyambira pabwino ndi Contrast +10, Highlights -30 kuti zosokedwa pa diresi zioneke, Shadows +25 kuti nkhope za pamthunzi ndi suti zisamire mumdima, ndi Vibrance +10. Manambalawa si lamulo, koma kusintha pang'onopang'ono kotereku kumagwira bwino pa zithunzi zambiri kusiyana ndi kusintha kwakukulu. Vibrance imaposa Saturation pa zithunzi za anthu chifukwa imakweza kwambiri mitundu yozilala n'kusamala mtundu wa khungu, pomwe Saturation imakweza mitundu yonse mofanana, moti zitenje za achibale zimathobwa m'maso ndipo nkhope zimafiira.

Akakhutira, amadina chizindikiro cha + pa bokosi la Presets n'kusankha Create Preset. Pamatuluka mndandanda wa timabokosi. Amadina Check None kuti tonse tikhale topanda chizindikiro, kenako amachonga Contrast, Highlights, Shadows ndi Vibrance zokha, n'kupatsa pulisetiyo dzina losavuta kukumbukira. Puliseti imasintha zokhazo zimene zachongedwa, choncho Exposure ndi White Balance za zithunzi zina zimakhala mmene zinalili. Kuti aifalitse, amasankha zithunzi zonse 300 ndi Ctrl+A, chithunzi cha muyezo chili patsogolo, n'kudina Sync, n'kuchonganso timabokosi tinayi tomwe tija.

Tsopano pamatsala kukonza kuwala gulu ndi gulu. Mtundu wa kuwala umayezedwa m'makelivini: dzuwa la masana lili pafupifupi 5500, mthunzi uli cha m'ma 7000, ndipo babu lowala mwachikasu lili cha m'ma 3000. Pa zithunzi za mtundu wa RAW, Temp imaonetsa manambala amenewa. Pa za JPEG imangoyenda kuchokera pa -100 kufika pa +100, ndipo malire a kukonza amakhala ochepa. Ngati zithunzi 120 za muholo zikuoneka zachikasu, wojambula amatenga chimodzi n'kutsitsa Temp mpaka diresi litayera, kapena amadina kachipangizo kooneka ngati kodonthezera mankhwala m'maso, kotchedwa White Balance Selector, pa malo ena a diresi amene sanawale mopitirira. Ngati nkhope zili zobiriwirako, monga zimachitikira pansi pa machubu ena a magetsi, amakweza Tint pang'ono. Akatero amasankha zithunzi za muholo zokha n'kudina Sync atachonga White Balance yokha. Amachitanso chimodzimodzi pa za m'tchalitchi ndi za panja. Exposure imafalitsidwa pa zithunzi zokhazo zimene zinajambulidwa motsatizana pamalo amodzi, pakuti ngakhale m'chipinda chimodzi wokhala pafupi ndi windo amawala kuposa wokhala kumbuyo.

Zolakwika zimaoneka msanga zithunzi zikayalidwa pamodzi m'gawo la Library, zing'onozing'ono, chifukwa chimene chasiyana ndi zinzake chimangoonekeratu. Mu Develop, kudina J kumaonetsa zofiira pamalo amene awala mpaka kufufutika ndi zabuluu pamalo amene ada mpaka kusowa tsatanetsatane. Diresi likafiira, Exposure kapena Highlights ya chithunzicho iyenera kutsika.

Khungu ndilo lofunika kuyang'anitsitsa kuposa zonse. Mitundu ya khungu la anthu, lakuda ndi loyera lomwe, imakhala makamaka m'chigawo cha Orange ndi Red cha HSL. Mapuliseti ambiri ogulidwa kapena otengedwa pa intaneti amasintha kwambiri zigawo zimenezi, ndipo pa khungu lakuda zotsatira zake zimakhala nkhope zotuwa ngati zapakidwa phulusa kapena zofiira mosayenera. Njira yoyesera ndi kuona munthu mmodzi, monga mayi a mkwati, pa zithunzi zitatu za magulu atatu aja. Ngati khungu lawo likuoneka lofanana ponseponse, ndiponso monga mmene achibale amawadziwira, ntchito yayenda. Ngati puliseti yaposa mphamvu, Amount, yomwe inawonjezedwa mu 2022, imaichepetsa kuchoka pa 100 kupita pansi, pa mapuliseti amene amalola zimenezi.

Pali zina zimene puliseti singathe. Siwongola chithunzi chimene chinagwedezeka pojambula, ndipo sibweza tsatanetsatane wa diresi amene anafufutikiratu m'kamera. Tenti ya nsalu yobiriwira kapena yofiira imapaka mtundu wake pa nkhope za okhala pansi pake, choncho zithunzi zimenezo zimakhala gulu lapadera. Zithunzi za m'mafoni a achibale nazonso zimafuna gulu lawo, pakuti foni imakhala itazikometsa kale, ndipo ndi bwino kuzipempha kudzera pa Document ya WhatsApp kuti zisachepetsedwe. Puliseti imodzi imakwanira mwambo wonse, koma chithunzi chilichonse chiyenera kuonedwa ndi maso chisanapite kokatsukitsa kapena kwa eni ukwati.