Ndalama za penshoni za ku Joni: msonkho umene umakumbukira zakale

Amalawi ambiri amene akhala akugwira ntchito ku South Africa m'migodi, m'mafakitale, m'zipatala ndi m'makampani a zamtengatenga amadulidwa ndalama ya penshoni mwezi uliwonse. Tsiku lopuma likamayandikira, mtima umakhala pa ndalama yochuluka yolandira kamodzinkamodzi ija, yoti akamalizire nyumba kumudzi kapena kugulira minibasi. Koma ndalamayo isanagwe mu akaunti, imayamba yadutsa m'manja mwa SARS, bungwe lotolera misonkho m'dzikolo, ndipo kawerengedwe kake n'kosiyana ndi ka msonkho wa pamalipiro.

Msonkho wa pamalipiro uli ngati makwerero: munthu akamapeza zambiri pachaka, gawo lapamwamba la ndalama zake limadulidwa kwambiri. Ku South Africa umayambira pa 18 peresenti mpaka kufika pa 45 peresenti. Tsono ndalama ya penshoni ndi thukuta la zaka 25 kapena 30, koma imabwera tsiku limodzi. Boma litaiphatikiza ndi malipiro a chaka chimenecho, dalaivala wa lole angaoneke ngati mpondamatiki, n'kudulidwa mofanana ndi bwana wamkulu wa kampani.

Mayiko apeza njira ziwiri zochepetsera vutoli. Yoyamba ndi kuwerengera ngati kuti ndalamayo idabwera pang'onopang'ono. Ku America, anthu obadwa pasanafike pa 2 Januwale 1936 amaloledwa kugwiritsa ntchito Form 4972: ndalama amaigawa pakhumi, amapeza msonkho wa gawo limodzi potsatira mitengo ya mu 1986, kenaka n'kuuchulukitsa kakhumi. Msonkho wonsewo amalipirabe nthawi imodzi, koma umachepa chifukwa kagawo kakang'ono sikafika pamwamba pa makwerero. Njira yachiwiri ndi kuipatula ndalamayo n'kuipatsa mitengo yakeyake, ndipo iyi ndi imene South Africa idasankha.

Malinga ndi mitengo imene idayamba kugwira ntchito pa 1 Malichi 2023, munthu wopuma pantchito sadulidwa kalikonse pa R550,000 yoyambirira. Gawo lopitirira pamenepo mpaka R770,000 limadulidwa 18 peresenti, lotsatira mpaka R1,155,000 limadulidwa 27 peresenti, ndipo lopyola apo limadulidwa 36 peresenti.

Tiyerekeze kuti bambo wina wa ku Mzimba wakhala akuyendetsa lole ku Germiston, amalandira R300,000 pachaka, ndipo popuma akutenga R900,000 kamodzinkamodzi. R550,000 yoyamba ikudutsa yamphumphu. Pa R220,000 yotsatira akudulidwa R39,600, ndipo pa R130,000 yotsalayo akudulidwa R35,100. Msonkho wonse ndi R74,700, kutanthauza kuti mu akaunti mukugwa R825,300. Ndalama yomweyo ikadaphatikizidwa ndi malipiro awo pa mitengo ya chaka chimenecho, msonkho woonjezera ukadaposa R330,000.

Mpaka apa nkhani ikukoma. Pamene ambiri amagwa m'mbuna ndi pa R550,000 ija, chifukwa amaganiza kuti imabwera mwatsopano nthawi iliyonse akamatenga ndalama ku thumba la penshoni. Si choncho ayi. Mwayiwu ndi umodzi pa moyo wonse wa munthu. SARS imasunga mbiri ya ndalama zopumira zonse zimene munthu walandira kuyambira Okutobala 2007, zimene adatapa asanapume kuyambira Malichi 2009, komanso za chipepeso chochotsedwa ntchito kampani ikamachepetsa anthu kuyambira Malichi 2011. Zonsezi zimaunjikidwa pamodzi tsiku lowerengera msonkho.

Tibwerere kwa bambo wathu uja, koma tsopano tinene kuti mu 2015 adasintha kampani. M'malo mosamutsira penshoni yawo ku thumba la kampani yatsopano, adatapa R300,000 n'kukagula malata ndi simenti. Wotapa asanapume amadulidwa pa mitengo ina yowawa: nthawi imeneyo R25,000 yokha ndiyo inkadutsa osadulidwa, choncho adalipira 18 peresenti ya R275,000, yomwe ndi R49,500. Iwo adaona ngati nkhani yathera pomwepo.

Tsiku lopuma, SARS ikuphatikiza R300,000 yakale ija ndi R900,000 yatsopano, n'kupeza R1,200,000. Msonkho wa ndalama imeneyi pa mitengo ya opuma ndi R159,750. Pamenepo amachotsapo msonkho umene R300,000 ikadadulidwa pa mitengo yomweyi ya opuma, osati umene bamboyo adalipiradi. Popeza R300,000 ili pansi pa R550,000, chochotsa palibe, ndipo R49,500 ya mu 2015 ija siibwezedwa kapena kuwerengedwa. Bambo amene akadadulidwa R74,700 akudulidwa R159,750, kusiyana kwake R85,050. Ndalama yakale ija yadya malo aulere pansi pa makwerero, n'kukankhira yatsopanoyi m'mwamba mpaka nsonga yake kukafika pa 36 peresenti.

Kodi munthu angadziwe bwanji zimenezi zisanamugwere? Oyendetsa thumba la penshoni saloledwa kulipira asanalandire kalata ya SARS yonena kuchuluka kwa msonkho wodula, imene ogwira ntchito m'maofesi amenewa amaitchula kuti dayirekitivi. Kuti ituluke, munthu ayenera kukhala ndi nambala ya msonkho, ndipo dzina ndi nambala ya pasipoti zikasiyana ndi zimene zili ku SARS, ndalama imachedwa. Ngati pali ngongole ya msonkho ya zaka zam'mbuyo, SARS imatha kulamula kuti idulidwe pomwepo. Asanasaine fomu yopumira, munthu angapemphe oyendetsa thumbalo kuti amuwerengere moyerekeza, ndipo chiwerengerocho chimaonetsa ngati pali ndalama zakale zimene zikumutsatira. Akasaina, kalata n'kutuluka, kubweza chiganizo kumavuta kwambiri.

Mpata weniweni uli pa kuchuluka kwa ndalama yotenga kamodzinkamodzi. Mu thumba la penshoni lamulo limalola kutenga pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu, zotsalazo n'kukhala penshoni ya mwezi ndi mwezi, ngakhale kuti ndalama zimene zidasonkhedwa mu pulovidenti fandi pasanafike Malichi 2021 munthu angazitenge zonse. Palibe amene amakakamizidwa kutenga mpaka pamalire. Bambo wotapa mu 2015 uja watsala ndi R250,000 yaulere. Akatenga yokhayo sadulidwa kalikonse, ndipo R650,000 yotsalayo ikalowa ku penshoni ya mwezi ndi mwezi imadulidwa ngati malipiro, chaka ndi chaka. M'chaka cha msonkho cha 2024/2025, munthu wa zaka 65 mpaka 74 sankadulidwa pa ndalama zosapitirira R148,217 pachaka, choncho penshoni ya R5,000 pamwezi, ngati palibe ndalama zina zimene akupeza, ikadadutsa yonse. Uku n'kugawa ndalama pa zaka zambiri kumene Amerika amachita papepala, kungoti kuno munthu amadikiradi, ndipo ndalama yolowa kumeneko sangaitengenso yonse pakamodzi nyumba ikafuna denga.

Kuyambira pa 1 Seputembala 2024 pali chinanso chosokoneza anthu. Gawo limodzi mwa magawo atatu a zosonkha zatsopano limapita ku kathumba kamene munthu angatapeko kamodzi pachaka akadali pantchito. Ndalama yotapa m'kathumbaka siidya R550,000 ija, koma siipezanso mitengo yapadera: imaphatikizidwa ndi malipiro. Dalaivala wa R300,000 pachaka akatapa R30,000 amadulidwa 26 peresenti, yomwe ndi R7,800, kuonjezera pa ndalama imene oyendetsa thumba amalipiritsa pa ntchitoyo. Akaisiya mpaka tsiku lopuma, R30,000 yomweyo imawerengedwa pa mitengo ya opuma, ndipo ngati malo aulere aja akadalipo, imatuluka yosadulidwa.