Mbande ya nachesi imene agogo anakana kutaya

Mnyamata wina wogwira ntchito mu Blantyre anagula mbande ya nachesi yomezanitsa ku Mwanza, kuchimake kwa manachesi, kuti akawapatse agogo ake kumudzi. Ulendo unachedwa. Mbandeyo inatha masabata atatu a mwezi wa Okutobala ili pakhonde la simenti, m'chubu chakuda chimene chimatentha kwambiri dzuwa likawomba, ndipo pofika kumudzi inalibe tsamba ndi limodzi lomwe.

"Pepani agogo, kauma aka. Ndidzakugulirani kena."

"Iyayi amuna anga, kakuuzani kokha kuti kafa?" anayankha gogoyo, monga momwe agogo amaselewulira zidzukulu zawo zazimuna.

Anakanda khungwa ndi chikhadabo kunsonga, n'kupeza kuti m'kati mwake ndi mouma gwa, motuwa. Anatsika pang'ono n'kukandanso. Chapakati, pamwamba ndithu pa chipsera chimene anamezanitsira, munaoneka mobiriwira ndi monyowa. Mtengo wa gulu la malalanje ukasowa madzi umayoyola masamba kuti usataye chinyezi chotsalacho, choncho kuyoyoka kokha sikusonyeza imfa. Chofunika ndi kagawo kamoyo kamene kali pansi pa khungwa. Kakauma mpaka kutsinde, kapena mizu ikada n'kumanunkha, palibenso chochita.

Agogowo sanathire madzi pamwamba. Dothi la m'chubu likauma kwambiri limakhwinyata n'kusiya mpata m'mbali, ndiye madzi amangotsetsereka n'kutulukira kunsi, pakati pali pouma. M'malo mwake anamiza chubu chonse m'ndowa kwa pafupifupi theka la ola, mpaka thovu litasiya kutuluka, kenako anachitulutsa kuti chikhe. Anadula nthambi zouma ndi mpeni wakuthwa pamwamba pang'ono pa malo obiriwira aja, n'kuika mbandeyo pansi pa mtengo wa mango, pamene dzuwa limafika m'mawa mokha.

Chovuta chinali chotsatira, chifukwa apa ndi pamene ambiri timaphera mbewu ndi chifundo chathu. Mbande yopanda masamba imamwa madzi ochepa zedi. Ukamaithirira m'mawa ndi madzulo, mizu imasowa mpweya n'kuola, ndipo mwini wake poona kuti sikusintha amawonjezanso madzi. Gogoyo ankazika chala m'dothi mpaka pamfundo yachiwiri, ndipo akamva chinyezi ankabwerera nacho chikho chake. Mnansi wina anabwera ndi yureya m'kapepala kuti "kadzuke msanga", iwo anathokoza n'kukasunga kaamba ka chimanga. Anachita bwino, pakuti feteleza ndi mchere ndithu, ndipo pamizu yovulala amangopsereza.

Patapita masabata angapo mphukira yoyamba inatuluka, yonenepa, yothamanga. Mdzukulu atamva pafoni anasangalala, koma agogo anaithothola tsiku lomwelo. Inali itatulukira pansi pa chipsera chija. Mbande yomezanitsa ndi mitengo iwiri: kumtunda kuli nachesi, kunsi kuli tsinde lina lolimba, kawirikawiri la ndimu wa khungwa lokhakhala. Mbande ikavutika, tsindelo ndi limene limayamba kudzuka, ndipo ukalilekerera limalanda chakudya chonse mpaka nachesi wakumtunda n'kufota. Ndi mmene anthu ena amadikirira zaka n'kudzathyola mandimu owawasa pamtengo umene anagula ngati nachesi, kenako n'kumati wogulitsa anawabera. Ukakayika, uyang'ane pamene mphukirayo yatulukira, uone ngati ili ndi minga italiitali, ndiponso utikite tsamba n'kununkhiza. Mphuno ya munthu amene wasenda manachesi moyo wake wonse siisokonezeka pamenepo.

Zoterezi anazithothola kangapo. Kenako timaso tiwiri tinatupa pamwamba pa chipsera, n'kutulutsa timasamba tating'ono tonyezimira. Kuyambira pamenepo ankaisuntha mbandeyo pang'onopang'ono kuti izolowere dzuwa, osati kuitulutsa tsiku limodzi.

Anaiwokera mu Disembala mvula itakhazikika, m'dzenje la masentimita 60 kuya ndi m'mbali momwe, losakaniza dothi lapamwamba ndi manyowa owolerana. Anang'amba chubu mosamala kuti dothi lisachoke kumizu, ndipo chipsera anachisiya pamtunda ndithu, chifukwa chikakwiririka tsinde limaola. Udzu wophimbira anauyala motalikira ndi tsinde ngati chikhatho chimodzi poopa chiswe, n'kumanga kampanda ka minga, popeza mbuzi za pamudzi sizisiya tsamba lanthete.

Chaka chotsatira kamtengoko kanachita maluwa ochepa, ndipo agogo anawathothola onse kuti mphamvu ipite kumizu ndi kunthambi. Nachesi womezanitsa amayamba kubala bwino pakatha zaka zitatu kapena kuposerapo, ndipo amene anavutikapo chotere amachedwerako.