Chipere kapena chikanga? Zimene chithunzi cha pafoni chimaonetsa ndi zimene chimabisa

Masiku ano mwana akatuluka chigamba pamutu kapena pamkono, mayi ake amayamba ajambula kaye ndi foni n'kutumiza pa WhatsApp kwa wachibale amene amagwira ntchito kuchipatala. Funso limakhala lomwelija: "Alamu, taonani mwana wanuyu. Ichi ndi chipere kapena chikanga?"

Funsoli si lachibwana, chifukwa matenda awiriwa amafanana maonekedwe koma mankhwala ake ndi osemphana. Chipere chimayamba ndi fangasi amene amadya khungu lapamwamba ndi tsitsi, ndipo ana amapatsirana pogundana mitu, pobwerekana chipeso kapena chipewa, pometa ndi mashini amodzi, ngakhalenso posewera ndi mphaka kapena galu wodwala. Chikanga sichipatsirana. Ndi khungu louma, losachedwa kunyanyuka, lomwe nthawi zambiri limayenda m'magazi pamodzi ndi mphumu ndi chimfine choyetsemulitsa. Mafuta amene amaziziritsa chikanga ndi omwewonso amanenepetsa chipere. Choncho woyankha chithunzi chija akaphonya, amene amalipira ndi mwana.

"Chilichonse chozungulira ndi chipere."

Ambiri timakhulupirira zimenezi, ndipo tili ndi chifukwa: chipere cha pathupi chimakondadi kuzungulira. Koma pali mtundu wa chikanga umene umatuluka wozungulira ngati ndalama yachitsulo, makamaka m'miyendo ndi m'mikono. Kuzungulira pakokha sikuthetsa mlandu.

Chofunika kuyang'ana ndi m'mphepete, kenako pakati. Chipere chimayenda ngati moto wa m'tchire: kumene kukuyaka ndi kumalire, pamene pakati papsa kale n'kuyamba kuzirala. Mukakulitsa chithunzi mudzaona mkombero wotukuka pang'ono, wokhala ndi timamba kapena tiziphuphu, uku pakati pakuoneka posalala kusiyana ndi m'mbali. Malire ake amakhala odulika bwino moti mukhoza kuwatsata ndi cholembera. Chikanga chozungulira chija chimadzaza ponseponse. Pakati ndi m'mphepete n'chimodzimodzi, pouma mong'ambikang'ambika kapena ponyowa timadzi tomwe timauma n'kukhala nkhanambo, ndipo malire ake amangosungunukira m'khungu labwino.

Malo ake amanenanso zambiri, n'chifukwa chake chithunzi chojambulidwa pafupi kwambiri chimataya theka la umboni. Chipere chimakonda kuyamba mbali imodzi, chigamba chimodzi kapena ziwiri, n'kumakula sabata ndi sabata. Chikanga chimakonda mbali zonse ziwiri: masaya onse mwa khanda, mopindikira mikono yonse ndi kuseri kwa mawondo onse mwa mwana wokulirapo. Chimapita n'kubweranso, chimavuta kwambiri m'miyezi yozizira ya Juni ndi Julaye khungu likamauma, ndipo kuyabwa kwake kumamulanda mwana tulo.

Tionjezepo kuti tizigamba toyererako, touma pang'ono, timene timatuluka kumaso kwa ana a sukulu, kawirikawiri si chipere ngakhale aliyense amatitchula choncho. Tilibe mkombero wotukuka, ndipo ndi abale ake a chikanga. Koma chigamba choyererako chimene mwana samva kanthu mukachikhudza ndi thonje chikaonedwe kuchipatala, poti khate limayamba motero, ndipo dzanzi silijambulika.

"Chikanga chimafiira. Apa sipakufiira, ndiye si chikanga."

Chikhulupiriro ichi chabwera ndi zithunzi za m'mabuku ndi za pa intaneti, zomwe zambiri ndi za ana a khungu loyera. Pa khungu lakuda chikanga chimaoneka chotuwa, chodera kapena chakuda kuposa khungu lozungulira. Nthawi zina chimangokhala tiziphuphu tating'ono tambirimbiri pamene pamamera ubweya. Pamene mwana wakanda miyezi yambiri pamakhuthala, mizere ya khungu n'kumaoneka yakuya. Mkombero wa chipere nawonso sufiira kwenikweni, umangodera.

Foni imasokonezanso. Kuwala kwake kwa usiku kumayeretsa khungu n'kufafaniza timamba, ndipo mwana wongodzola kumene Vaselini amanyezimira moti chipere chimaoneka chosalala. Chithunzi chothandiza chimajambulidwa masana, pakhonde pomwe pali kuwala koma dzuwa silikuwomba mwachindunji, khungu lisanadzoledwe kanthu. Pajambulidwe zithunzi zitatu: cha patali choonetsa chiwalo chonse ndi chinzake cha mbali inayo, cha pafupi choonetsa malire ndalama yachitsulo itaikidwa pambali kuti kukula kudziwike, ndi cha cham'mbali choonetsa ngati pali potukuka.

"M'mutumo mwangouma, adzole mafuta."

Apa mpamene chithunzi chimanamiza kwambiri, chifukwa chipere cha m'mutu nthawi zambiri sichikhala ndi mkombero uja.

Tiyerekeze mnyamata wa zaka 7. Pachithunzi pakuoneka chigamba chotuwa pamwamba pa khutu lakumanja, chachikulu ngati chitsekerero cha botolo, chokhala ndi timamba toyera. Mayi ake akuti ali khanda ankavutika ndi chikanga m'masaya, ndiye akuganiza kuti chabwereranso. Woona chithunzicho sangatsutse kapena kuvomereza msanga. Ayenera kupempha china chapafupi, tsitsi litapatulidwa, ndipo chimene akufuna kuona si khungu koma tsitsi lenilenilo.

Fangasi wa chipere amalowa m'kati mwa tsitsi n'kulifooketsa mpaka kuthyoka. Pachigambapo pamatsala timizu tatifupitifupi totuwa, kapena timadontho takuda pomwe tsitsi lathyokera pakhungu penipeni. Chikanga chikhoza kuumitsa mutu wonse, mwana n'kumakanda mpaka tsitsi kupyapyala, koma sichidula tsitsi m'chigamba chokhala ndi malire. Ngati chigambacho chili chosalala, chonyezimira, chopanda timamba kapena timizu, imeneyo ndi nthenda inanso yothothola tsitsi, si chipere komanso si chikanga.

Kenako pamabwera mafunso amene foni singayankhe. "Mayi ake mwana, tapapasani kunkhongo kwake ndi kuseri kwa makutu. Mukumva timibulu?" Anabere otupa kunkhongo, pamodzi ndi timamba ndi tsitsi lothyoka, amaloza chipere mwamphamvu. "Nanga anameta liti, ndipo kuti? Amene amagona naye chofunda chimodzi ali bwanji?" Tinene kuti mayiyo wayankha kuti timibulu tilipo, mwanayo anameta pamsika milungu itatu yapitayo, ndipo mng'ono wake wayamba kukanda m'mutu. Apa mbiri ya chikanga cha ukhanda ija yachepa mphamvu. Mwana wa chikanga amadwalanso chipere ngati wina aliyense.

Msinkhu umathandizanso. Chipere cha m'mutu chimakonda ana oyambira zaka zitatu mpaka pamene akutha msinkhu. Khanda la miyezi iwiri lokhala ndi nkhanambo zachikasu, zamafutamafuta paliwombo, losakanda komanso loyamwa bwino, nthawi zambiri lili ndi vuto lina lomwe limatha lokha.

Mnyamata wathu uja akapezeka ndi chipere cha m'mutu, mafuta opaka sangamuchiritse, ngakhale atakhala a fangasi enieni, chifukwa safika kumizu ya tsitsi kumene fangasi wabisala. Pamafunika mankhwala akumwa. Ofala ndi girisiyofuluvini, amene amamwedwa tsiku lililonse kwa milungu 6 mpaka 8, pamodzi ndi chakudya chamafuta monga mkaka kapena phala lotendera kuti alowe bwino m'thupi. Mlingo wake amawerengera kulemera kwa mwana, ndiye sikelo ya kuchipatala siingalowedwe m'malo ndi chithunzi. Timamba timatha mankhwala asanathe, ndipo makolo ambiri amalekera pomwepo, chipere n'kubwerera. Mng'ono wake uja akaonedwenso, zipeso zitsukidwe, ndipo asabwerekane zipewa ndi mathawulo.

Chipere cha pathupi chokha, chigamba chimodzi kapena ziwiri, ndicho chimamva mafuta monga kilotirimazolo kapena mikonazolo. Amapakidwa kawiri pa tsiku, kupitirira malire a chigamba pang'ono, kwa milungu iwiri mpaka inayi, n'kupitirizabe sabata ina chitazimiririka.

"Tinapaka mafuta aja chinazilala, ndiye chinali chikanga."

Pa zikhulupiriro zonsezi, ichi ndiye chimandidetsa nkhawa, chifukwa chimaoneka ngati umboni. Mafuta a sitiroidi, monga betametazoni ndi kilobetasolo, amagulitsidwa mwachisawawa, ena mwa iwo ngati oyeretsa khungu. Ntchito yawo ndi kuziziritsa kutupa ndi kuyabwa kulikonse, kaya kwabwera ndi chiyani. Akapakidwa pa chipere, m'masiku ochepa kuyabwa kumaleka, timamba timatha, mkombero umaphwa, banja n'kupuma. Koma chimene chazizira ndi chitetezo cha khungu, fangasi ali moyo ndipo wapeza mpata. Chigamba chimakula mwakachetechete, malire ake osaonekanso bwino, nthawi zina mikombero ingapo yolowana kapena tiziphuphu ta mafinya. Akasiya kupaka chimabuka mwaukali, akayambiranso chimazilala, ndipo kupita n'kubwera kumeneku kumafanana ndi khalidwe la chikanga.

Chipere chotere chimasokoneza ngakhale madokotala a khungu ali nacho pamaso, nanji pachithunzi. Mafuta osakaniza, okhala ndi sitiroidi wamphamvu pamodzi ndi mankhwala a fangasi m'chubu chimodzi, amachitanso zomwezo. N'chifukwa chake chithunzi cha chigamba chizipita limodzi ndi chithunzi cha chubu chilichonse chimene chapakidwapo, mbali yolembedwa zosakaniza. Zina zimene anthu amatikitapo, monga adyo, zimawotcha khungu, ndipo wojambula amatumiza bala la kupsa osati nthenda yoyamba ija.

"Chatupa, chili ndi mafinya, ndi chithupsa. Chiboolodwe."

Nthawi zina thupi la mwana limalimbana ndi fangasi wa m'mutu mwamphamvu kwambiri, pamalopo n'kutupa chibulu chofewa, chopweteka, chotuluka mafinya m'timabowo tambiri, tsitsi likungozuka lokha. Pachithunzi chimaoneka ngati chithupsa, kapena chikanga cholowa mabakiteriya. Kuchiboola sikuthandiza poti mulibe thumba limodzi la mafinya, ndipo mankhwala a mabakiteriya okha sachichotsa. Chimafuna mankhwala akumwa a fangasi mwamsanga, chifukwa chikachedwa chimasiya chipsera pomwe tsitsi silimeranso. Mwana wotere asadikire kuti alamu aone uthenga. Chimodzimodzinso mwana wa chikanga amene watentha thupi n'kutuluka mwadzidzidzi timatuza kapena tizilonda tambiri tofanana, tokumbika: apite tsiku lomwelo.

Pamene maso akayika, chipatala chokhala ndi zipangizo chimapala timamba ta m'mphepete mwa chigamba kapena kuzula timizu ta tsitsi, kuthira mankhwala osungunula khungu, n'kuyang'ana ulusi wa fangasi pa maikulosikopu. Yankho likhoza kutuluka tsiku lomwelo, pamene kumeretsa fangasiyo kuti adziwike mtundu kumatenga milungu iwiri mpaka inayi. Mafuta opakidwa kale amatha kusokoneza kuyezaku, choncho mwana apite asanadzoledwe kanthu pamalopo, mayi atanyamula machubu onse amene anayesapo.